Sanakudulireni foni, nsanja ndi zimene zalephera kupatsirana

Anzanga a kunyanja, pali mlandu wina umene timaweruza molakwika tsiku ndi tsiku. Munthu ali m'basi ya ku Nkhata Bay ndi matumba a usipa, mukukambirana naye mtengo, foni n'kuduka. Nthawi yomweyo mumati wadula dala, wapeza wogula wina. Ena maubwenzi agwedezeka ndi nkhani yomweyi. Ine ndikuti nthawi zambiri munthuyo alibe mlandu, ndipo foni yake si yakutha ayi. Vuto lili pa mmene nsanja za netiweki zimapatsirana foni yanu basi ikuthamanga.

Nsanja iliyonse ili ndi dera lake. Mukanyamuka ku Salima mukulankhula, nsanja imene yakunyamulani siyingakuperekezeni mpaka ku Benga. Iyenera kukusiyani m'manja mwa inzake, ngati mmene timapatsirana madengu potsitsa nsomba m'boti. Mainjiniya amati handova.

Pa 2G, netiweki imene mafoni ambiri a mabatani amadalira, foni yanu imagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi. Ikunyamula mawu anu, komanso ikumvetsera nsanja zina zoyandikira. Pafupifupi kawiri pa sekondi iliyonse imatumiza lipoti: iyi ndili nayoyi ndikuyimva chonchi, zinazi ndikuzimva chonchi, mpaka zoyandikira 6. Foni siyisankha yokha kosamukira. Makompyuta a kampani ndi amene amaona malipotiwo, n'kufunsa nsanja yakutsogolo ngati ili ndi malo. Ikavomera, lamulo loti samuka limatumizidwa ku foni, foni n'kusiya nsanja yakale n'kugwira yatsopano. Zikayenda bwino khutu silimva kanthu.

Koma lamulo loti samuka limadzera pa nsanja YAKALE, imene mukuyithawayo. Apa mpamene pagona nkhani yonse. Ngati mwatalikira msanga moti foni siyikuyimvanso, lamulolo silifika, ngakhale nsanja yatsopano ikuonekera pawindo.

Mwina mufunsa kuti bwanji osangosamutsa msanga. Makompyuta aja amadikira dala. Nsanja yakutsogolo iyenera kuposa yakale ndi mphamvu yooneka, ndipo ikhale ikuposa kwa kanthawi. Akanapanda kutero, pamalire foni ikanamangodumpha uku ndi uku, ndipo kudumpha kulikonse ndi mpata wina woti iduke. Kwa munthu wapansi kapena wa kabaza kudikira kumeneku n'kwabwino. Kwa basi ndi nkhani ina.

Tiyeni tiwerengere. Basi ikuthamanga makilomita 80 pa ola ndiye kuti ikudya mamita 22 pa sekondi. Pamalo oyalana ngati minda ya nzimbe ya ku Dwangwa, tiyerekeze kuti madera a nsanja ziwiri alowana kwa kilomita yathunthu. Ndiye masekondi 45, nthawi yokwanira malipoti pafupifupi 90. Palibe vuto. Tsopano tengani msewu wokhotakhota ngati wa pa Chiweta kapena wokwera kuchoka ku Nkhata Bay kupita ku Mzuzu. Phiri limaphimba nsanja mwadzidzidzi, ndipo malo amene foni ikumva nsanja zonse ziwiri akhoza kungokhala mamita 100. Amenewo ndi masekondi osakwana 5. M'masekondi amenewo foni iyeze, itumize malipoti, makompyuta adikire kanthawi kawo kaja, afunse malo, lamulo libwere. Basi ikangokhota lamulo lisanafike, zatha. Onjezerani kuti mwakhala pakati pa basi yachitsulo yodzaza anthu ndi katundu, zimene zimadyanso mphamvu ina, muona chifukwa chake wapawindo amalankhulabe inu mutaduka kale.

Ife a kunyanja tili ndi vuto lina lathu lathu, ndipo ndi limene limandisangalatsa kwambiri. Pamadzi palibe phiri, palibe mitengo, palibe nyumba. Mafunde a netiweki amayenda patali zedi, n'chifukwa chake asodzi amaimba foni ali pakati pa nyanja pomwe m'midzi ina ya kumtunda anthu amakwera pachulu. Ndiye msewu ukafika pamalo otseguka poyang'ana nyanja, foni ikhoza kukhala ikugwira nsanja ya kutsidya kwa gombe, kutali ndithu (2G imatha kufika mpaka makilomita 35). Timizere ta netiweki tadzaza, mtima uli m'malo. Kenako msewu walowa kuseri kwa kaphiri. Tsono nsanja iliyonse ili ndi mndandanda wa anansi ake, nsanja zimene ikudziwa kuti ingapatsireko foni. Nsanja yakutali ija mwina pamndandanda wake palibe ya pafupi ndi pomwe muli, poti amene analemba sanaganize kuti idzanyamula munthu kuno. Foni imaduka muli pansi pa nsanja yamphamvu. Mukaimbanso imalowa bwinobwino nthawi yomweyo, ndipo winayo ndi pomwe amatsimikiza kuti munachita kudula.

Pali njira yosiyanitsira zimenezi, ndipo ndi imene ndikufuna muisunge. Munthu akadula yekha, foni imatha nthawi yomweyo, mawu ali bwinobwino. Netiweki ikataya munthu, mawu amayamba kudukaduka, kenako zii kwa masekondi angapo, inu mukungoti halo, halo, foni isanathe. Kachetechete ameneyo ndi netiweki ikudikira ngati foni imvekanso, ikuwerenga malipoti amene sakufika mpaka itataya mtima. Ndiye musanakwiye, kumbukirani ngati panali zii.

Ngati foni imaduka pamalo omwewo ulendo uliwonse, pamenepo pali mpata pakati pa nsanja kapena mndandanda wa anansi uli ndi chosowa. Ngati vuto limabwera polowa pa tauni tsiku la msika kapena madzulo, kawirikawiri ndi kudzaza. Pa 2G njira imodzi ya wailesi imagawidwa m'timipata 8 basi, ndipo timipata tonse ta nsanja tikatha, foni yanu imakakamira nsanja yakale mpaka itaitaya. Palinso nsanja imene yazima poti magetsi athima ndipo mabatire atha. Imeneyo imasiya dzenje pamalo amene dzulo panalibe vuto.

Za 3G n'zosiyanako pang'ono: foni imatha kugwira nsanja ziwiri nthawi imodzi isanasiye yakale. Koma nayonso singagwire nsanja imene palibepo.

Tsono maganizo anga ndi awa. Makampani a mafoni akamanena za madera amene afikako, amatchula matauni ndi misika. Ife sitikhala pamsika pokha. Malonda a nsomba amachitika katundu ali panjira, ndipo chambo cha pa ayezi sichidikira kuti mufike pomwe pali timizere. Ndikanakonda a MACRA akamaunika makampaniwa aziyenda msewu wa kunyanja wonse, kuchoka ku Salima mpaka ku Nkhata Bay, foni ili pa khutu, ali pa liwiro la basi, n'kutiuza poyera pomwe yadukira. Mavuto ena safuna n'komwe nsanja yatsopano. Kuwonjezera mnansi pamndandanda ndi ntchito ya pakompyuta, ndipo kuweramitsa mlongoti kuti usamaponye kutali pamadzi ndi ntchito yaing'ono poyerekeza ndi kumanga.

Inunso mukamadandaula ku kampani, musangoti netiweki ikuvuta. Nenani malo enieni, kuti pakati pa mlatho wakuti ndi sukulu yakuti, nthawi yake, komanso ngati munkalowera kumpoto kapena kumwera, chifukwa kupatsirana kukhoza kulephera mbali imodzi yokha. Ndipo nkhani ya mtengo, achimwene, ikambeni basi ikaima pa Nkhotakota kapena pa Dwangwa. Foni ikakhala malo amodzi nthawi zambiri siyifunika kusamuka.