Bolodi lilibe makutu

Chaka chilichonse makoleji a Hillside ndi United College of Education muno mu Bulawayo amatumiza ophunzira uphunzitsi kukayeserera ntchito m'sukulu. Vuto limene ndimaliona kawirikawiri mwa aphunzitsi atsopano ndi lofotokoza phunziro uku akulemba, msana atalozetsa ana. Mawu onse amathera pabolodi, ndipo mzere wakumbuyo umangomva kung'ung'udza.

Izi zimapweteka kwambiri ana athu a ku Makokoba, Njube ndi Mpopoma. Mwana wa m'banja lochokera ku Malawi amamva Chichewa kwa agogo, amasewera m'Chindebele, koma masamu amawaphunzira m'Chingelezi. Mwana wotere amadalira kuona milomo ndi nkhope ya aphunzitsi kuti agwire mawu achilendo. Mukatembenuka, mwamutsekera njira imodzi yomvera.

Tinene kuti mukuphunzitsa 1/2 + 1/3. Lembani funsolo muli chete, kenako tembenukani, muime pambali kuti thupi lisaphimbe zolembazo. Mukatero lozani 2 ndi 3 a m'munsiwo, mufunse nambala imene onse awiri amalowamo. Ana akati 6, lembani 3/6 + 2/6 pansi pa funso, mutembenukenso. Yankho la 5/6 likhale pamzere wachitatu. Musafufute mzere wapakatiwo, chifukwa wochedwa kumva ndi pamene amabwerera akasokonezeka.

Ana akayamba kuwerengera okha, chokani kutsogolo. Yendani pakati pa madesiki mpaka kukhoma lakumbuyo, maso ali m'makope. Mukapeza 2/5, dziwani kuti mwanayo waphatikiza zam'mwamba pazokha ndi zam'munsi pazokha. Akakhala mmodzi, weramani mumuthandize chapansipansi. Koma ngati 2/5 wadzaza mizere iwiri yakumbuyo pamene akutsogolo akhoza, vuto si mitu ya anawo: mawu anu kapena zolemba zanu sizinafike. Muli komweko yang'anani bolodi. Mwina manambala ndi aang'ono, kapena kuwala kwa pawindo kwameza choko mbali imodzi.

Kuyenda kuli ndi nthawi yake. Popereka malangizo, imani malo amodzi. Mphunzitsi wolankhula akuzungulirazungulira amatopetsa makosi a ana, ndipo theka la chiganizo limapita kumanja, theka kumanzere.

Mawu kuti afike kumbuyo sikukuwa ayi. Lankhulani ngati mukuuza mwana wapakona yakutali, mpweya uchokere m'mimba, osati pakhosi. Phokoso likabuka, khalani duu pang'ono, kenako muyambe motsitsa. Wokuwa amafika masana atasasa mawu, ndipo ana amazolowera kusamvera mpaka atakalipiridwa. Mfundo yaikulu inenedwe pang'onopang'ono, itsatiridwe ndi kachete.

Njira yodziyesera ndi yapafupi: mukapereka malangizo, pemphani mwana wakumbuyo awabwereze m'mawu akeake. Akalephera, konzani kalankhulidwe kanu musanapitirize phunziro.