Nyumba ya makolo ili ndi mabilu awiri

Ambiri a ife tinakulira m'nyumba zimene makolo anagula ku kanselo mu 1996, nthawi ya a Chiluba, ku Kabwata kapena ku Chelstone. Timati inagulidwa, basi nkhani inatha. Sinathe.

Mwini nyumba amalipira mareti ku Lusaka City Council, ndipo bilu imatsata mtengo wa nyumbayo m'buku la kanselo. N'chifukwa chake wa ku Kabulonga kapena Woodlands amalipira zambiri kuposa ife. Mukaleka kulipira, kanselo ikhoza kutumiza mabelifi kudzanyamula katundu.

Bilu inayo timaiiwala. Malo onse m'Zambia ali m'manja mwa Pulezidenti, ndiye amene ali ndi taitolo ya zaka 99 ndi wobwereka chabe, amalipira lendi ya malo chaka chilichonse ku Unduna wa Malo. Apa chilango n'chowawa: lamulo la 1995 limalola boma kupereka notisi ya miyezi itatu, kenako kutenganso malowo.

Makolo akamwalira timalimbirana lendi ya kabini ya kuseri, koma mabilu akubwerabe m'dzina la malemu, palibe amene akuwatsegula. Tidandaule za zinyalala za ku Cairo Road, inde, koma risiti ili m'thumba.