Lipoti lotsekera ntchito lisabise nambala yoyamba

Mu 2013 Banki Yaikulu Padziko Lonse idavomereza madola 100 miliyoni a pulojekiti yotukula madera ena a chigwa cha Zambezi ndi a njira ya ku Nacala. Ife a ku Angonia gawo lathu lidali misewu: R604 wochoka pa Ulongwe kudzera ku Domwe mpaka ku Furankungo, ndi R605 wodzera ku Tsangano. Malamulo a Bankiyo amati pulojekiti ikatsekedwa, pasanathe miyezi isanu ndi umodzi palembedwe lipoti lofotokoza zomwe zidalonjezedwa, zomwe zidatheka, zomwe zidakanika ndi zifukwa zake. Boma lomwe lidalandira ndalama limaikamo mawu ake, kenaka gulu lina loima palokha m'Bankimo limaunikanso ngati olembawo sadadzikometsere. Malipoti amenewa sabisidwa. Koma amalembedwa m'Chingerezi, pamene maofesi athu amayendera Chipwitikizi, ndipo mayi wokweza matumba a mbatatesi pa lole ku Domwe amalankhula Chichewa.

Ndikufuna lipoti lotere lidzafike kwa ife, ndipo likafika tidziwe poyambira kuliwerenga. Poyambira pake ndi pa nambala yomwe idalonjezedwa tsiku loyamba.

Taonani zomwe zidachitika kumpoto kwa dziko lathu lomweli. Mu 2007 boma la Mozambiki lidasainirana ndi bungwe la boma la Amereka la MCC mgwirizano wa madola pafupifupi 507 miliyoni. Mwa zina, adalonjeza kukonza makilomita 491 a msewu waukulu wa N1. Akatswiri atayeza bwinobwino ndi kujambula mapulani, zidaoneka kuti mtengo udali wokwera kuposa momwe adaganizira posainirana, chonsecho mgwirizanowo udali ndi malire a zaka zisanu, kuchokera mu Seputembala 2008 mpaka mu Seputembala 2013. Choncho adadula ntchito n'kutsala makilomita 253: kuchoka ku Namialo kukafika pa mtsinje wa Lurio, ndi kuchoka ku Nampula kukafika pa mtsinje wa Ligonha.

Kudulako sindikukutsutsa. Ndalama zikachepa, kuli bwino kumaliza misewu iwiri kusiyana ndi kukumba inayi n'kuisiya matope okhaokha. Nkhani yagona pa mmene wolemba lipoti angaikire manambalawa pa pepala. Akayeza ntchito ndi 253, tsiku lomwe kilomita yomaliza yathiridwa phula alemba kuti zonse zatheka, 100 pa 100. Akayeza ndi 491, apeza 52 pa 100. Manambala onse awiri ndi oona, koma 100 pa 100 ikaima yokha imafufuta makilomita 238 pamodzi ndi anthu onse okhala m'mbali mwake, omwe adauzidwa kuti msewu ukubwera. A MCC ndimawapatsa ulemu pa chinthu chimodzi ichi: zikalata zawo zimatchula manambala onse awiri ndi chomwe chidachititsa kuti asinthe. Malipoti ambiri omwe amawerengedwa pa miyambo yotsekera ntchito, ya mabungwe aang'ono ndi aakulu omwe, amangotchula nambala yosinthidwa. Kumeneko ndi kunama, ngakhale palibe nambala yabodza yomwe yalembedwa.

Chachiwiri choyang'ana mu lipoti ndi chifukwa chomwe chaperekedwa, ndipo apa ndi pomwe magazi anga amawira. Pafupifupi lipoti lililonse la zomangamanga limaloza chala mvula. Kodi mvula ya ku Angonia ndi mlendo? Imayamba cha mu Novembala n'kukafika mu Malichi kapena Epulo chaka ndi chaka, ndipo mwana aliyense woweta ng'ombe ku Tsangano amadziwa kuti dothi lofiira likanyowa silipsinjika. Lipoti likanena kuti ntchito idachedwa chifukwa cha mvula, funso ndi lakuti: adasainirana liti ndi womanga msewu? Tiyerekeze kuti dongosolo lidati asainirane mu Epulo, koma kusankha kampani kudakoka mpaka Okutobala. Makina afika pa malo mvula itagwa kale, ndiye chilimwe chonse chapita, ndipo msewu wachedwa ndi chaka. Wolemba woona alemba kuti tidataya miyezi isanu ndi umodzi pa kusankha kampani, atchule ofesi yomwe mapepala adagona, ndi chomwe chidawagoneka. Akangolemba kuti kudagwa mvula yambiri, pulojekiti yotsatira idzagwa m'dzenje lomwelo, pakuti mvula palibe angailetse, pomwe tsiku lolengeza ntchito angathe kulisuntha.

Mudzazindikira lipoti lozemba poona kuti ziganizo zake zilibe mwini. Padali zovuta, ndalama zidachedwa, anthu sadatenge nawo mbali mokwanira. Adazichedwetsa ndani, ndi masabata angati? Anthuwo adaitanidwa tsiku lanji? Ngati msonkhano udaikidwa pa tsiku la msika kapena m'nyengo yopalira, olephera ndi omwe adaitanitsa msonkhanowo, osati alimi. Chimodzimodzi gawo la zomwe taphunzira. Phunziro lakuti pakufunika mgwirizano wabwino pakati pa mbali zonse lingakwane pa lipoti la chipatala, la sukulu kapena la dibi la ng'ombe, ndiye kuti silidachokere mu ntchito imeneyi. Phunziro lenileni limauza munthu wotsatira chochita: osalengeza makilomita kwa anthu mapulani asanajambulidwe ndi mtengo usanadziwike. Nkhani ya N1 imaphunzitsa zimenezo mosapita m'mbali.

Ena amati lipoti loulula zolephera limathamangitsa opereka thandizo, ndipo wogwira ntchito amene walemba zoona sadzapatsidwanso ina. Mantha achiwiriwa ndi enieni, sindikuwapeputsa. Munthu wa pa kontirakiti ya zaka ziwiri, wokhala ndi ana pa sukulu, sangayambe yekha kulemba kuti bwana wake adakhalira mapepala. N'chifukwa chake mlandu ndikuuika pa akuluakulu osaina malipotiwa ndi pa opereka ndalama, omwe amafupa lipoti losalala. Koma zoti thandizo lingathawe sindikuzivomera. Pulojekiti ya midzi ya Millennium, yomwe idalinso ku Mwandama m'boma la Zomba ku Malawi, idasindikiza mu 2018 kafukufuku wake womaliza woonetsa kuti idafikira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a zolinga zake. Anthu adatsutsana nazo kwambiri, inde, koma adatsutsana ali ndi manambala m'manja, ndipo okonza mapulojekiti ena adapeza pogwira.

Pa misewu yathuyi, makilomita okha sangandikhutiritse. Cholinga chidali chakuti mlimi afike pa msika. Tsono lipoti linene: thumba la mbatatesi limalipiridwa mametikali angati kuchoka ku Domwe kufika pa Ulongwe ntchito isanayambe, ndipo pano ndi angati? Kodi lole imadutsa mu Febuluwale? Ngalande ndi makalavati adasiyidwa m'manja mwa yani, ndipo ndalama zozisamalira chaka ndi chaka zichokera kuti? Msewu umayamba kufera m'ngalande yotsekeka ndi mchenga ndi mapesi, madzi n'kuyamba kudya m'mphepete. Ngati mitengo ya mayendedwe siidayezedwe pachiyambi, lipoti livomere zimenezo poyera, chifukwa nacho ndi cholephera.

Lamulo nambala 34 la mu 2014 limapatsa nzika ya Mozambiki ufulu wopempha chikalata cha boma n'kuyankhidwa pasanathe masiku 21. Mamembala a khonsolo yolangiza boma la Angonia, mafumu ndi atsogoleri a magulu a alimi alembe kalata yopempha lipoti la R604 ndi R605, ndi la pulojekiti ina iliyonse yomwe yatsekedwa m'boma lino. Apemphe masamba awiri okha m'Chipwitikizi ndi m'Chichewa, okhala ndi nambala yoyamba, nambala yosinthidwa, yomwe idatheka ndi chifukwa chake, ndipo awerengedwe pa wailesi ya m'dera lathu ndi pa misonkhano ya ku Domwe ndi ku Tsangano, pomwe oyendetsa malole angathe kuimirira n'kunena ngati zolembedwazo zikugwirizana ndi msewu womwe amayendamo.