Chotsani kaye 32, musaphe mazira ndi masamu

Alimi a nkhuku m'makwalala a Kawale, Biwi ndi Chinsapo, ambiri mwa inu tsopano mukuswetsa mazira pa makina. Vuto ndi loti ena mwa makinawa, pamodzi ndi timabuku take, amalemba kutentha mu muyeso wa Fahrenheit, wa chilembo F, pomwe alangizi athu amalankhula za Celsius, wa chilembo C. Kabuku kakati 99.5°F, mlangizi nati madigiri 37.5, musaganize kuti wina akunama. Ndi kutentha kumodzi, komwe dzira la nkhuku limafuna pa masiku 21 ake.

Njira yosinthira ndi iyi:

```
C = (F - 32) × 5 ÷ 9
```

Tengani 99.5, chotsani 32, patsala 67.5. Chulukitsani ndi 5, mupeza 337.5. Gawani ndi 9, yankho ndi 37.5.

Nanga bwanji 32 amayamba kuchoka? Miyeso iwiriyi siyambira pamodzi. Madzi amaundana pa 0 mu C, koma pa muyeso umene Daniel Fahrenheit adakonza m'chaka cha 1724 amaundana pa 32. Kuwira kwa madzi kuli pa 100 mu C ndi pa 212 mu F. Kuchoka pa 32 kufika pa 212 pali masitepe 180, pomwe ulendo womwewo mu C ndi masitepe 100. Ndiye kuti masitepe 9 a F ndi ofanana ndi masitepe 5 a C, ndipo uko ndiye kumachokera 5 ndi 9 uja. Koma masitepewo amawerengedwa kuyambira pamene madzi aundana, osati pa ziro wa F.

Amene mudagulitsapo mtedza ku Mgona mukuidziwa kale nkhaniyi. Mukaika ndowa ya mtedza pa sikelo, wogula amayamba wachotsa kulemera kwa ndowayo, kenaka n'kuchulukitsa makilo otsalawo ndi mtengo. Palibe amene amalipira ndowa pa mtengo wa mtedza. Pano 32 ndiye ndowa. Mukayamba ndi kuchulukitsa, 99.5 isanduka 55.3, ndipo mukachotsa 32 pamenepo mupeza 23.3, kutentha kwa m'chipinda chogona, kumene dzira silingaswe.

Chenjeraninso ndi kakyuleta ya pa foni. Mukalemba zonse mu mzere umodzi popanda mabulaketi, iyo imayamba kuchulukitsa ndi kugawa, n'kukupatsani 81.7. Lembani 99.5 - 32, dinani =, ndiye mupitirize. Yankho la makina oswetsera mazira likatalikirana ndi 37 kapena 38, dziwani kuti mwasokoneza penapake.

Pali njira yachidule imene ena amaphunzitsana, yochotsa 30 n'kugawa pakati. Ife tikuti isiyeni ikhale yoyerekezera nyengo ya kunja basi. Pa 99.5 imapereka 34.75, kuperewera ndi madigiri pafupifupi atatu. Digiri imodzi yokha ikaperewera kwa masiku ambiri anapiye amachedwa kuswa ndipo amatuluka ofooka. Atatu ndiye mudzangoswa mazirawo nokha n'kupeza anapiye atafera m'kati. Thireyi ya mazira a mikolongwe si yotchipa kuti muiyesere masamu a m'mutu.

Anapiye akaswa nkhani sinathe, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julayi pamene Lilongwe amazizira usiku. Timabuku tambiri timati sabata yoyamba pakhale 95°F pamalo ofunditsira anapiye. Chotsani 32, patsala 63. Kuchulukitsa ndi 5 ndi 315. Kugawa ndi 9 ndi 35°C. Kenaka timati muzitsitsa ndi 5°F sabata iliyonse, ndipo apa ndi pamene ngakhale odziwa masamu amagwa. Musachotse 32 pa 5 ameneyu. Iyeyu si kutentha kowerengedwa pa chipangizo, koma kusiyana kwa kutentha kuwiri, ndipo m'kusiyana mulibe ndowa. Ingochulukitsani ndi 5 n'kugawa ndi 9: ndi madigiri 2.8 a C, tinene atatu. Sabata yachiwiri pakhale 32, yachitatu 29 kapena 30. Chipangizocho chikhale pa msinkhu wa anapiye, osati pafupi ndi mbaula kapena babu. Anapiye akaunjikana pamoto n'kumalira ndiye kuti kwazizira. Akathawira m'mbali atayasamula kukamwa, kwatentha.

Ngati chipangizo chanu ndi cholowa m'madzi ndipo mukuchikayika, chiviikeni m'kapu yodzaza ayezi wophwanya ndi madzi pang'ono. Chiyenera kuonetsa 0°C kapena 32°F. Musachiyesere m'madzi owira, chifukwa Lilongwe ali pamtunda wopitirira mamita 1,000 ndipo kuno madzi amawira asanafike pa 100, cha pa 96 kapena 97.