Pepala la Bajeti Lisatinamize

Ku Mabvuku, Tafara, Mufakose ndi Dzivaresekwa, antchito ambiri amalandira malipiro pakutha pa mwezi, koma pofika pa 15 ndalama zatha. Ena amati vuto ndi kusasamala. Ife tikuti kawirikawiri vuto ndi kuchepa kwa malipirowo, ndipo bajeti yoyamba iyenera kuonetsa poyera kukula kwa mpatawo.

Tiyerekeze mayi wogwira ntchito ya m'nyumba ku Greendale, amene amachita lendi chipinda ku Mabvuku ndipo amalandira madola 150. Lendi ndi madola 50. Kombi imadya dola imodzi patsiku, ndiye kuti 26 pa masiku 26 a ntchito. Chakudya ndi 45, magetsi a ZESA ndi madzi 10, sukulu ya mwana 10, bungwe la maliro 5, ndipo kumudzi amayembekezera 20. Zonse pamodzi ndi madola 166. Mwezi usanayambe n'komwe, mayiyu wapereweredwa kale ndi 16.

Mukafika pamenepa musachepetse manambala kuti pepala lioneke bwino. Sanjani zinthu molingana ndi tsoka lomwe lingagwe mukapanda kulipira. Lendi ikhale poyamba, chifukwa mwini nyumba angakutulutseni. Kombi ibwere kachiwiri, chifukwa wosafika kuntchito amachotsedwa. Kenako chakudya ndi magetsi. Zinayi zimenezi zikukwana madola 131, ndipo kwatsala 19. Sukulu ndi bungwe la maliro zikatenga 15, m'dzanja mwatsala madola 4 okha.

Apa mpomwe pali chigamulo chowawa: ndalama zakumudzi. Kutumiza 20 mwezi uno ndiko kukongola 16 kwa akatapila, amene kuno amawatcha a chimbadzo, ndipo mwezi wamawa ngongoleyo idzadya lendi. N'kwanzeru kuuza abale zoona, n'kumasunga madola 4 aja mpaka atachuluka, popeza kutumiza pang'onopang'ono kumalipiritsa kangapo.

Chakudya nacho chili ndi msampha. Timapaketi ta ufa ndi mafuta totchedwa tsaona timaoneka totsika mtengo, koma pa mwezi wonse timadula kuposa thumba la makilogalamu 10. Gulani ufa, mafuta, mchere ndi sopo tsiku lolandira malipiro, ndipo za ndiwo muzigawe m'magawo anayi, gawo limodzi pa mlungu. Gawo la mlungu wachiwiri likatha Lachitatu, dziwani kuti bajeti yapotoka. Ndalama ya lendi isungeni m'madola, popeza ZiG, yomwe inayamba mu Epulo 2024, inatsika mphamvu kwambiri mu Seputembala chaka chomwecho.

Ngati mwachita zonsezi koma mpata sukutsekeka, cholakwa si chanu. Pepalalo lasanduka umboni. Pitani nalo kwa abwana pokambirana za malipiro, kapena ku ZDAWU ngati ndinu a m'nyumba, ndi ku GAPWUZ ngati ndinu a m'mafamu. Mawu akuti "sizikukwana" abwana angawanyalanyaze, koma madola 16 olembedwa mzere ndi mzere amafuna yankho.