“Inde, ndikuona chithunzi” si umboni: chiyeseni kaye

Pali funso lomwe ophunzira ambiri amafunsa chatiboti, pulogalamu yocheza nayo polemba monga ChatGPT, Gemini kapena Meta AI, asanaitumizire chithunzi cha homuweki. Amafunsa ngati ingathe kuona chithunzi. Ikavomera, mtima pansi, chithunzi chapita, yankho labwera, kukopera mʼkope basi. Ine ndikuti funso limeneli ndi lofooka, ndipo “inde” amene mwapatsidwayo asakupangitseni kukhulupirira chilichonse. Mu fizikisi sitifunsa sikelo ngati ili yolondola. Timaikapo chinthu chomwe tikudziwa kale kulemera kwake, nʼkuona zomwe yawerenga.

Mukafunsa funsolo, yembekezerani limodzi mwa mayankho awiri. Ikhoza kunena kuti imangowerenga mawu okha, kapena ikhoza kuvomera nʼkukuuzani kuti mutumize. Vuto ndi loti onse awiri akhoza kukhala olakwika. Chatiboti imapanga yankho potengera zolemba zomwe inaphunzitsidwa nazo ndi malangizo omwe eni ake anaipatsa, siyang’ana mʼkati mwake kuti ione zida zomwe ili nazo. Ndipo zinthuzi zimasintha msanga. ChatGPT itatuluka mu Novembala 2022 inkalandira mawu okha, ndipo inayamba kulandira zithunzi mu Seputembala 2023. Zolemba zakale zimanena china, zatsopano china. Nʼchifukwa chake pulogalamu yotha kuona nthawi zina imakana, pamene ina yosaona imavomera ndi mtima wonse.

Chizindikiro chodalirika kuposa mawu ake chili pasikirini yanu. Kodi pali kachizindikiro ka kamera kapena ka + pafupi ndi polembera? Mutatumiza, kodi chithunzicho chikuoneka mʼmachezamo, kapena kakungozungulira chifukwa netiweki yavuta? Chithunzi chikalephera kufika koma mawu anu afika, chatiboti ina imakuuzani kuti sikuona kanthu. Ina imangopeka yankho kuchokera mʼmawu anuwo, ndipo imalankhula molimba mtima ngati yaonadi.

Tiyerekeze kuti chithunzi chafikadi. Kodi “kuona” kwake nʼkotani? Chithunzi cha pafoni ndi timadontho tamitundu totchedwa mapikseli. Kamera ya mamegapikseli 12 imajambula timadontho 4,000 mbali ina ndi 3,000 mbali inayo. Mapulogalamu ambiri amayamba achepetsa chithunzi chachikulu chotere, kenaka nʼkuchiduladula mʼtizigawo tatingʼono, kachigawo kalikonse nʼkusandulika mndandanda wa manambala. Manambala amenewo ndiwo chatiboti imagwiritsa ntchito. Zinthu zikuluzikulu zimapulumuka, koma tatingʼono tikhoza kufufutika panjira.

Tiwerengere limodzi. Pepala la A4 ndi lotambalala masentimita 21. Mukalijambula lonse nʼkudzaza mapikseli 3,000, milimita imodzi imatenga mapikseli pafupifupi 14. Kadontho ka desimali ka theka la milimita ndiye kuti kali ndi mapikseli 7. Kuchepetsa kumasiyana pulogalamu ndi pulogalamu, koma titenge chitsanzo choti mbali iliyonse yachepetsedwa kanayi. Kadontho kaja katsala ndi mapikseli osakwana awiri. Onjezerani mthunzi wa dzanja lanu, kuwala kochepa kwa tochi ndi pensulo yosaoneka bwino. Kadontho kapita.

Nanga kadontho kamodzi kangawononge chiyani? Tengani funso la seketi ngati lomwe mumakumana nalo pokonzekera mayeso a MSCE. Batire ndi ya mavoti 4.5, ndipo pali marezisita awiri, wa maomu 3 ndi wa maomu 6, olumikizidwa mwa paralelo, kutanthauza kuti karenti imagawikana mʼnjira ziwiri. Mukufunsidwa karenti yochoka mʼbatire. Njira yolondola ndi iyi:

R = (3 × 6) ÷ (3 + 6) = 2 Ω
I = V ÷ R = 4.5 ÷ 2 = 2.25 A

Tsopano chatiboti iphonye kadontho kaja, iwerenge 45 mʼmalo mwa 4.5. Itsata lamulo la Ohm bwinobwino, sitepe iliyonse yooneka yaukhondo, nʼkukupatsani maampiya 22.5. Cholakwika ichi mukhoza kuchigwira ngati muli maso. Mavoti 4.5 ndi mabatire atatu a mʼtochi, pamene fiyuzi ya mʼpulagi ya ketulo ndi ya maampiya 13. Seketi ya pasukulu ipose ketulo? Ayi ndithu.

Choopsa ndi cholakwika chachiwiri. Mawaya pachithunzi ndi timizere topyapyala, ndipo kutsatira mzere kuti wachoka pati nʼkukathera pati ndi chimodzi mwa zinthu zomwe mapulogalamuwa amaphonya kawirikawiri. Ikaona ngati marezisita aja ali mwa sirizi, ondondozana mʼnjira imodzi, iphatikiza 3 ndi 6 nʼkupeza maomu 9, ndipo karenti ikhala maampiya 0.5. Nambala yooneka yabwinobwino, eti? Palibe chokudabwitsani. Masamu onse ndi olondola, koma ndi masamu a seketi ina, osati ya mʼkope mwanu.

Ndiye chitani chonchi. Tumizani chithunzi, koma musapemphe yankho kaye. Iuzeni ilembe zonse zomwe zili pachithunzipo: mawu a funso, nambala iliyonse ndi yuniti yake, ndi mmene zida zalumikizidwira. Musaiuze pasadakhale kuti ndi seketi, chifukwa mukatero mwaipatsa popekera. Ikalemba, yerekezani ndi pepala lanu mzere ndi mzere. Ikatchula 4.5, 3 ndi 6, nʼkunena kuti ndi paralelo, mwapeza umboni woti chithunzi chafika ndipo chawerengedwa bwino. Ikangonena zapatalipatali, zoti ili ndi funso la magetsi lokhala ndi marezisita, osatchula nambala, kayikirani. Ikaphonya chinthu chimodzi, chilembeni nokha mʼmawu, kenaka mupitirize.

Kajambulidwe kanu nakonso kamathandiza kwambiri. Mʼmalo mwa tsamba lonse, yandikirani mujambule funso limodzi lokha. Mukajambula masentimita 7 mʼmalo mwa 21, kadontho kaja kamakula katatu. Jambulani powala, foni ili moyangʼana pepala mwachindunji. Chithunzi chomwe chadutsa mʼmagulupu a WhatsApp nthawi zambiri chimakhala chitachepetsedwa kale, choncho ngati pepala muli nalo, jambulani nokha. Ndipo onetsetsani kuti dzina lanu, nambala ya mayeso kapena nkhope ya mnzanu sizinalowe pachithunzipo, chifukwa chimapita kumakompyuta a kampani, sichitsala mʼfoni mwanu.

Wina anena kuti, “Aphunzitsi, kumeneko nʼkutha bandulo ndi nthawi. Nthawi zambiri imawerenga bwino.” Nʼzoona kuti mawu otayipidwa, ojambulidwa powala, imawawerenga bwino kawirikawiri. Koma chithunzi ndicho chimadya bandulo, uthenga umodzi wa mawu ndi kanthu kakangʼono. Ndipo tsiku lomwe yaphonya simudzamva kusiyana kulikonse mʼkalankhulidwe kake. Imafotokoza 0.5 ndi chidaliro chomwecho chomwe imafotokozera 2.25. Mukaloweza njira yolakwikayo, mudzalowa nayo mʼchipinda cha mayeso a MANEB, momwe mulibe foni yoti ikukonzeni.

Palinso phindu lina. Kuti muyerekeze zomwe yalemba ndi pepala lanu, muyenera kutsatira mawaya ndi chala chanu, kuona pomwe karenti yagawikana ndi pomwe yakumananso. Mukatha kutero, gawo lovuta la funsolo mwalichita kale nokha. Chotsala nʼkuchulukitsa ndi kugawa basi.