Khadi lachikasu lapezeke kuchipatala, osati pansi pa mtengo

Anthu a kuno kumalire tinazolowera kuwoloka. Wa ku Ulongwe amagula mchere ku Dedza, wa ku Zobwe ali ndi apongozi ku Mwanza, ndipo palibe amawafunsa za katemera. N'chifukwa chake ambiri amadabwa akamva kuti mnzawo wabwezedwa pachipata cha Kasumbalesa, polowera ku Kongo, pasipoti ali nayo, ndalama ali nazo, koma alibe kakhadi kachikasu. Achinyamata athu akupita kutali masiku ano. Ena ndi ma ajudanti a magalimoto akuluakulu ochokera ku Beira odzera ku Kasakatiza, ena akutsata malonda ku Lubumbashi, ena ntchito ku Angola. Maganizo athu ndi akuti khadi limeneli munthu alitenge kuchipatala nthawi ikadalipo, ndiponso kuti a zaumoyo m'chigawo chathu atithandize kulipeza mosavuta.

Tiyambe ndi matendawo. Pachipwitikizi amati febere amarela, ku Zambiya ndi ku Malawi mudzamva akuti yelofiva. Ena amangoti chikasu, koma dzina limeneli limasokoneza, pakuti maso achikasu amabwera ndi matenda ambiri, monga a chiwindi kapena malungo aakulu. Febere amarela ndi kachilombo kofalitsidwa ndi udzudzu woluma kwambiri masana, wosiyana ndi wa malungo uja wotisowetsa tulo. Munthu akalumidwa pamapita masiku 3 mpaka 6, kenaka thupi limatentha, mutu ndi msana zimawawa, amasanza. Ambiri amachira. Koma ena amaoneka ngati apeza bwino tsiku limodzi, matenda n'kubweranso mwaukali: maso achikasu, magazi m'kamwa ndi m'mphuno, mkodzo kuchepa. Mwa anthu ofika pamenepa, pafupifupi theka amamwalira. Mankhwala ophera kachilomboka kulibe, chipatala chimangothandiza thupi kuti lilimbe.

Matendawa ku Mozambiki kulibe, ku Malawi kulibenso. Koma udzudzu wotha kuwanyamula uli nafe, umaswana m'migolo ya madzi ndi m'matayala akale kuseri kwa nyumba zathu. Chikusowa n'chimodzi, munthu wobwera ndi kachilomboko m'magazi. Apa ndi pamene pagona nkhani ya khadi. Kumapeto kwa 2015 mliri unabuka ku Luanda, ndipo mu 2016 unawolokera ku Kongo. Anthu mazanamazana anafa, ndipo antchito ena ochokera ku Angola anakadwalira kwawo ku China. Amene anaunyamula ndi apaulendo osabayitsa.

Tsono ndani ayenera kukhala nalo? Wopita ku Dedza, ku Ntcheu, ku Chipata kapena ku Harare kuchokera kuno safunika khadi la febere amarela, chifukwa akuchokera kudziko lopanda matendawa. Wopita ku Kongo kapena ku Angola ndiye alibe pothawira, maiko awiriwa amalifuna kwa mlendo aliyense wolowa, kupatula makanda. Pali chinanso chimene ambiri saganizira: pobwerera. Zambiya, Malawi ndi dziko lathu lomwe amafuna khadi kwa munthu wochokera kumene kuli matendawa, ndipo chidindo cha ku Kongo chili m'pasipoti yanu chidzakuululani. Malamulo a maiko amasintha, choncho pokonza ulendo funsani a zaumoyo a pachipata.

Tiyerekeze mnyamata wa ku Angoniya amene wapangana ndi mnzake kuti akakumane ku Lubumbashi. Njira yake ndi ya ku Kalomwe, Dedza, Lilongwe, Mchinji, Chipata, Lusaka, Kitwe mpaka Kasumbalesa, ulendo wa masiku atatu basi zikamayenda bwino. Akuti anyamuke pa 10 Juni. Pa 9 Juni akumbukira za katemera, abayitsa, khadi alandira, mtima pansi. Afika pachipata pa 13 Juni, wa zaumoyo atsegula khadilo, awerenga masiku, apeza anayi okha. Khadi limayamba kugwira ntchito patapita masiku 10 chibayireni, ndiye kuti lake liyamba pa 19 Juni. Masiku asanu ndi limodzi ogona pamalire, kulipira malo ogona ndi nsima, mpamba wa malonda ukutha. Masiku khumiwo sanaikidwe kuti avutitse anthu. Ndi nthawi imene thupi limatenga kuti lipange chitetezo, ndipo wolowa ku Kongo isanakwane ali ngati wosabayitsa. Kuti afike pa 13 Juni khadi likugwira, mnyamatayu anayenera kubayitsa pa 3 Juni kapena m'mbuyo mwake.

Ife tikuti ayambe kufunsa mwezi wathunthu ulendo usanafike, ndipo chifukwa chake nachi. Si chipatala chilichonse chimene chimapereka khadi limeneli, koma malo okhawo amene Boma linawaloleza ndi kuwapatsa chidindo chake. Katemerayu salinso m'gulu la akatemera amene ana athu amalandira kusikelo, motero khadi la kusikelo silingakuwolotseni. Komanso nthawi zambiri amabwera m'kabotolo ka anthu angapo, ndipo kakasungunulidwa kayenera kutha m'maola 6, wotsala amatayidwa. Anamwino akakuuzani kuti mubwere tsiku lakuti, pamene anthu adzakhale atachuluka, musaganize kuti akufuna kenakake. Pitani kuchipatala cha boma lanu, funsani kumene akubaya ndi tsiku lake, ndipo popita tengani pasipoti. Mukalipira, landirani lisiti.

Musachoke pakhomo la chipatala musanaliwerenge khadilo, kapena kupempha wodziwa kuwerenga. Dzina likhale lofanana ndi la m'pasipoti, chilembo ndi chilembo. Kuno vuto limeneli ndi lalikulu, chifukwa munthu mmodzi ndi Zuze kumudzi, José m'pasipoti, Yosefe kutchalitchi, ndipo wa pachipata sadziwa kuti onsewa ndi mmodzi. Tsiku lobadwa lifanane. Pakhale tsiku limene mwabayidwa, dzina la fakitale yopanga katemerayo ndi nambala ya gulu la mabotolo ake, siginecha ya wobaya yolemba ndi dzanja, ndi chidindo cha malowo. Inunso musaine pamalo panu. Pakalakwika, musafute kapena kulemba pamwamba, chifukwa khadi lofufutidwa akhoza kulikana. Pemphani kuti akonze iwo eni.

Pali nkhani ya zaka khumi imene ikudyetsabe anthu ndalama. Kale khadili linkatha mphamvu pakapita zaka 10, munthu n'kubayitsanso. Kuyambira pa 11 Julayi 2016 lamulo la maiko onse a m'bungwe la zaumoyo padziko linasintha: kubayitsa kamodzi kukwanira moyo wonse, ndipo izi zikukhudzanso makhadi akale. Dalaivala amene anabayitsa mu 2009, pakhadi pake n'kulembedwa kuti litha mu 2019, khadi lakelo likugwirabe. Wina akakuuzani kuti latha ndipo mulipire, pemphani mwaulemu kuonana ndi mkulu wa zaumoyo pachipatapo. Lisungeni m'pepala la pulasitiki pamodzi ndi pasipoti, ndipo mulijambule pafoni, kuti likatayika kuchipatala akakupezeni msanga m'buku mwawo.

Tsopano za pansi pa mtengo. Aliyense woyenda akudziwa kuti pafupi ndi zipata zina pamakhala anyamata onong'oneza kuti khadi ali nalo, chidindo chilipo, jakisoni palibe. Amene amagula ali ndi zifukwa zawo, ndipo sitizinyoza. Amati chipatala chili kutali, shapa yopita ndi kubwera idya ndalama zoposa mtengo wa khadi labodzalo, munthu wataya masiku awiri a kumunda, mwinanso akapeza katemera watha. Zonsezi zikhoza kukhala zoona. Koma wogulayo wagula chiyani? Wagula njira yolowera kumene kuli matenda, thupi lake lili losatetezedwa. Akalumidwa ku Kongo Lolemba, Lachinayi ali kwawo ku Domwe, akuoneka wabwinobwino, ndipo Loweruka thupi latentha. Onse aganiza kuti ndi malungo. Masiku oyamba amenewo ndiwo kachilombo kamakhala kochuluka m'magazi, ndipo udzudzu wa pakhomo ukamuluma ukhoza kupatsira mkazi wake ndi ana, m'mudzi mmene palibe ndi mmodzi yemwe wobayitsa. Wogula mankhwala abodza amadzipweteka yekha, koma uyu waika mudzi wonse pangozi. Kuwonjezera apo, akagwidwa nalo ndi mlandu wa chikalata chabodza, m'dziko la eni.

N'chifukwa chake wobwera kuchokera ku Kongo kapena ku Angola akatentha thupi sabata isanathe, athamangire kuchipatala ndipo anene yekha kumene wachokera, asadikire kufunsidwa. Agone m'neti ngakhale masana.

Alipo amene katemerayu sawayenera, ndipo amenewa ndiwo amakopeka msanga ndi khadi labodza. Muli kachilombo kamoyo kofooketsedwa, choncho khanda losakwana miyezi 6 silibayidwa konse, ndipo kawirikawiri amayambira pa miyezi 9. Munthu amene thupi lake limatupa kapena kubanika akadya mazira sabayidwa. Amene chitetezo chake chatsika kwambiri, monga wodwala Edzi amene CD4 yake ili pansi pa 200, sabayidwanso. Koma amene akumwa ma ARV bwino ndipo chitetezo chakwera akhoza kubayidwa dokotala akaona. Mayi woyembekezera, woyamwitsa ndi munthu wopitirira zaka 60 akambirane ndi dokotala kaye. Musabise matenda anu pofuna kuti mulandire khadi. Kwa otere dokotala amalemba kalata yonena kuti munthuyu sangabayidwe, n'kudinda. Dziwani kuti kalatayo siteteza thupi, ndipo dziko limene mukupita lili ndi ufulu woikana kapena kukusungani payekha mpaka masiku 6. Kwa ena nzeru ndi kutuma m'bale m'malo mwawo.

Mawu otsiriza apite kwa akuluakulu a zaumoyo ku Tete. Kudzudzula ogula makhadi n'kosavuta, koma msika wa pansi pa mtengo umakula pamene njira yoongoka ndi yaitali. Tikupempha zinthu zosafuna ndalama zambiri. Pazipata za Kalomwe, Zobwe ndi Kasakatiza ndi pazipatala za maboma pakhomedwe pepala, m'Chinyanja ndi m'Chipwitikizi, lonena maiko ofuna khadi, malo obayira, tsiku lake ndi mtengo wake. Mawayilesi a m'madera alengeze zomwezo. Ndipo popeza kabotolo kamafuna anthu angapo, chipatala cha boma chilembe maina a ofuna kuyenda, akakwana gulu lololezedwa libwere ndi katemera ndi chidindo chake kamodzi pamwezi. Makampani a magalimoto nawo asamakweze ajudanti wopita ku Kasumbalesa asanaone khadi lake ndi kuwerenga masiku khumi aja.